Ndalama zothera m'buku la kubanki mwiniwake asanatape

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, alimi ambiri amatapa ndalama zawo kukagula feteleza, malata ndi kulipira ana sukulu. Pamapeto amasiyako kangachepe m'buku, ati kuti akaunti isatsekedwe. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi sapondanso kubanki. Ikafika Epulo, mabelo oyamba ali m'njira, mlimi amafunsa balansi pafoni ndipo nambala yomwe imatuluka siyomwe anaisiya. Mawu oyamba kutuluka pakamwa amadziwika: "A banki andibera."

Nthawi zambiri palibe yemwe waba. Ndalamazo zapita ku zodula zomwe mwini akaunti anavomera tsiku lomwe ankasayina mafomu, mwina osawerenga, mwina osauzidwa bwino. Zazikulu ndi ziwiri: ndalama yosamalira akaunti, yomwe imadulidwa mwezi ndi mwezi, ndi ndalama ya mauthenga a SMS omwe amabwera pafoni ndalama zikalowa kapena kutuluka. Iliyonse payokha ndi yaing'ono moti munthu sangakwerere minibasi kukadandaula. Zikaphatikizana n'kuyenda miyezi 12, zimachita ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba likadali chilili, mkati muli gaga.

Vutoli si la alimi a fodya okha. Mphunzitsi yemwe anasintha banki yolandirira malipiro koma buku lakale sanatseke, wophunzira yemwe anatsegula akaunti ali kukoleji, ndi mnyamata yemwe anapita ku Joni n'kusiya buku kumudzi, onsewa akulipira mwezi uliwonse chinthu chomwe sakuchigwiritsa ntchito.

Chifukwa chake banki imadula

Banki imapeza ndalama m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi chiwongoladzanja: imabwereketsa ndalama kwa anthu, makampani ndi boma pa mtengo wokwera, n'kulipira osungitsa pa mtengo wotsika. Yachiwiri ndi zodula pa ntchito zomwe imachitira makasitomala. Mabanki monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank ali pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, ndipo chaka chilichonse amasindikiza m'nyuzipepala momwe apezera ndalama. Yemwe angawerenge malipoti amenewo apeza kuti zodulazi zili ndi mzere wakewake. Si ndalama zongotola. Ndi gawo la bizinesi lomwe banki imalidalira.

Zifukwa zomwe a banki amapereka zilipo, ndipo zina n'zomveka. Akaunti iliyonse, ngakhale yogona, imakhala pa makompyuta omwe amafunika kusamalidwa. Uthenga uliwonse wa SMS umadutsa pa netiweki ya kampani ya mafoni ndipo banki imaulipira. Makina a ATM ndi mapulogalamu ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo woyendetsera zinthuzi umakwera. Zodula nazonso sizikhala malo amodzi. Mabanki amazisintha nthawi ndi nthawi, kotero mtengo womwe munthu anauzidwa potsegula buku zaka zisanu zapitazo siwomwe akudulidwa lero.

Chomwe chimapweteka ndi kapangidwe ka zodulazo. Ndalama yapamwezi siyang'ana kuti m'buku muli zingati. Wokhala ndi K60,000 ndi wokhala ndi K3,000,000, ngati mtundu wa akaunti ndi umodzi, amadulidwa chimodzimodzi.

Chaka chimodzi cha buku la mlimi

Kuti zioneke bwino, nawu mwezi ndi mwezi wa mlimi wongoyerekeza wa ku Kasungu. Mitengo ya m'chitsanzochi ndi yongopezera masamu, popeza banki iliyonse ili ndi yake. Owerenga aikemo ya banki yawo. Akaunti yake ndi ya kalenti, yomwe anamutsegulira mwachangu nthawi yolembetsa zogulitsa fodya. Imadula K2,500 pamwezi yosamalira akaunti ndi K700 pamwezi ya mauthenga. Pamodzi ndi K3,200.

Mu Seputembala wasiyamo K60,000. Kumapeto kwa Okutobala mwatsala K56,800, ndipo ngakhale akanaona, sakanadabwa kwenikweni. Disembala akamatha muli K50,400. Pofika kumapeto kwa Epulo, patapita miyezi isanu ndi iwiri, K22,400 yapita ndipo m'buku mwatsala K37,600. Pa miyezi yonseyi sanatape, sanatumize, sanalandire. Mauthenga omwe wakhala akulipira K700 pamwezi analibe n'choti amuuze.

Chaka chonse zodula ziwirizi zimakwana K38,400. Pa K60,000, imeneyo ndi 64 peresenti, ndipo mlimiyo atangolisiya bukulo osaikamo kanthu, ndalama zonse zingathe m'mwezi wa 19. Kwa mwini golosale wa pa Kasungu boma yemwe m'buku mwake simuchepa K3,000,000, K38,400 yomweyo ndi kadontho kongopitirira pang'ono 1 peresenti. Ndiye chifukwa chake anthu a ndalama zambiri sadandaula za zodulazi, ndipo n'kutheka kuti wantchito wa kubanki, poyankha kuti "ndi kandalama kochepa, bambo," amanena ndi mtima woona.

Nyengo ya msika imabweretsa zodula za mtundu wina. Fodya akagulidwa, mlimi sagona tulo kudikira kuti ndalama zilowe. M'mawa afunsa balansi pafoni, masana afunsanso, madzulo apita pa ATM kukaonanso. Ogwira ntchito m'boma amaudziwa bwino mchitidwe umenewu kumapeto kwa mwezi, pomwe funso m'maofesi ndi m'masukulu limakhala limodzi: "Zalowa?" M'mabanki ambiri kufunsa kotere kuli ndi mtengo. Ngati ndi K150, ndipo mlimi wafunsa ka 20 pa nyengo yonse, ndi K3,000. Ndalama zikalowa amatapa pang'onopang'ono poopa kuyenda ndi mpukutu, ndipo amatapa pa makina omwe ali pafupi, a banki ina. Kuyambira pomwe makina a mabanki analumikizidwa kudzera ku National Switch mu 2015, khadi ya banki imodzi imagwira pa ATM ya banki inzake, zomwe zinachepetsa maulendo, koma kawirikawiri mtengo wake umaposa wa pa makina a banki yako. Maulendo 10 pa K1,000 ndi K10,000. Zonse pamodzi, mlimiyu walipira K51,400 m'chaka chimodzi.

Ena angaganize kuti chiwongoladzanja chimabweza zomwe zadulidwa. Akaunti ya kalenti nthawi zambiri ilibe chiwongoladzanja chenicheni, ndipo ngakhale ikanakhala nacho, masamu ake ndi owuma. Kuti munthu adziwe ndalama zofunika kukhala m'buku kuti lisachepe, agawe zodula za chaka chonse ndi mlingo wa chiwongoladzanja. Ngati banki ikupereka 5 peresenti pachaka ndipo zodula ndi K38,400, pamafunika K768,000 yokhala m'buku chaka chathunthu osakhudzidwa kuti chiwongoladzanja chingofanana ndi zodula. Apo n'kuti msonkho wa pa chiwongoladzanja usanachotsedwe. Aliyense wosunga zochepera pamenepo akulipira banki kuti imusungire, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu, komwe m'zaka za 2023 ndi 2024 kunali pamwamba pa 20 peresenti, kukumudya mbali inayo.

Palinso msampha womwe ambiri amaudziwa utawagwira kale. M'mabanki ena, buku likafika pa ziro zodula siziima. Zimalembedwabe ngati ngongole. Mnyamata wa ku Joni akatumiza K50,000 ku akaunti yomwe anaisiya zaka ziwiri zapitazo kuti amayi ake akatape, banki imayamba yatenga zake, ndipo mayiyo amapeza zosakwana. Buku lomwe lakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito limathanso kugonekedwa, ndipo kulidzutsa kumafuna kuti mwiniwake apite yekha kunthambi ndi chiphaso cha unzika.

Mauthenga a pafoni: ochotsa kapena osunga?

Munthu akazindikira zonsezi, choyamba chomwe amathamangira n'kuletsa mauthenga. Apa pafunika kudekha, chifukwa pa zodula zonse, iyi ndi yomwe imagula chinthu chooneka. Akuba akatapa ndalama ndi khadi ya munthu, kapena kampani ya ngongole ikadula kawiri mwezi umodzi, uthenga wa pafoni ndiwo umachenjeza mwiniwake tsiku lomwelo. Wopanda mauthenga amadzadziwa patapita milungu, pomwe kutsata nkhaniyo kwavuta.

Mauthenga angathenso kupulumutsa ndalama. Mphunzitsi yemwe amafunsa balansi ka 12 pamwezi pa K150 amawononga K1,800 pofuna kudziwa chinthu chomwe uthenga wa K700 ukanamuuza wokha malipiro atangolowa. Choipa ndi kulipira ziwiri zonse: kukhala ndi mauthenga koma n'kumafunsabe chifukwa cha mtima wosakhazikika.

Funso loyenera kufunsa kubanki ndi la momwe mauthengawo amawerengedwera. Kwina amadula ndalama imodzi pamwezi, kaya mauthenga abwera 50 kaya sanabwere. Kwina amadula pa uthenga uliwonse. Tiyerekeze kuti uthenga umodzi ndi K60 ndipo wapamwezi ndi K700. Mayi wa bizinesi ya kaunjika ku Limbe yemwe ndalama zimalowa ndi kutuluka ka 30 pamwezi angalipire K1,800 pa njira ya uthenga umodziumodzi, choncho yapamwezi ndiyo yomukomera. Mlimi yemwe buku lake limagona miyezi isanu ndi iwiri zikanamukomera zikanakhala za uthenga umodziumodzi. Pa mitengo imeneyi malire ali pa mauthenga 12 pamwezi. Si banki iliyonse yomwe imapereka mwayi wosankha, koma wosafunsa sangadziwe.

Okhala ndi foni zamakono ali ndi njira ina. Mapulogalamu a mabanki a pafoni amaonetsa balansi ndi zomwe zachitika m'buku, ndipo mabanki ena amatumiza chidziwitso pa imelo. Izi nthawi zambiri zimatsika mtengo kuposa SMS, koma zimafuna bandulo ndi netiweki yabwino, ndipo pulogalamuyo payokha ingakhale ndi ndalama yake yapamwezi. Kwa gogo wolandira penshoni yemwe ali ndi foni ya mabatani, SMS ikadali mlonda wodalirika, ndipo kumuuza kuti aichotse n'kumulakwira.

Kutaya ndalama kwenikweni kuli pa nambala zakale. Munthu anataya foni, anagula simu ina, koma kubanki sanakasinthe. Mauthenga akupitabe ku nambala yomwe salinso nayo, iye akulipira. Makampani a mafoni amaperekanso nambala zomwe zakhalitsa osagwiritsidwa ntchito kwa anthu ena, kotero mlendo angamawerenge ndalama zomwe zikulowa m'buku la mnzake. Kukonza izi ndi ulendo umodzi wa kunthambi, chiphaso chili m'manja.

Kuwerenga sitetimenti

Zodula zimabisika chifukwa munthu amayang'ana nambala imodzi yokha, ya balansi. Malo omwe zimaonekera poyera ndi pa sitetimenti. Ya miyezi itatu imakwanira. Yosindikiza pakauntala kawirikawiri imalipiridwa pa tsamba lililonse, choncho ndi bwino kufunsa kaye ngati ingatumizidwe pa imelo kapena kutengedwa pa pulogalamu ya pafoni. Kasitetimenti kakafupi ka pa ATM sikathandiza kwenikweni, chifukwa kamangoonetsa zochitika zochepa zomaliza.

Masitetimenti amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu oti munthu awasake ndi monga `Ledger fee`, `Maintenance fee`, `Service charge`, `SMS alert`, `Balance enquiry` ndi `ATM fee`. Atenge cholembera, adule mzere pansi pa ndalama iliyonse yotuluka yomwe sanaitape kapena kuitumiza yekha. Akatero aigawe pawiri: zomwe zimabwera mwezi uliwonse pa tsiku lofanana, ndi zomwe zimatsatira chinthu chomwe iye anachita. Gulu loyamba limachepa posintha mtundu wa akaunti. Lachiwiri limachepa posintha chizolowezi. Kuphatikiza zonse za miyezi itatu n'kuchulukitsa ndi 4 kumapereka mtengo wa bukulo pachaka, ndipo nambala imeneyo ndiyo yoti munthu aiyerekeze ndi ndalama zomwe zimakhalamo.

Pa sitetimenti pomwepo pamatulukanso zina zomwe mwini buku anaiwala kalekale: inshuwalansi ya maliro yomwe anavomera wogulitsa atamukakamira pakhomo la banki, ndalama ya khadi yomwe imadulidwa kamodzi pachaka, kapena lamulo loti banki izitumiza ndalama kwina mwezi uliwonse. Lamulo lotereli likafika tsiku lake m'buku mulibe zokwanira, mabanki ena amadulanso chindapusa.

Kusintha buku

Chomwe chimachepetsa zodula kwambiri si kudzimana kufunsa balansi ayi, koma kukhala ndi akaunti yogwirizana ndi momwe ndalama za munthu zimayendera. Akaunti ya kalenti inapangidwira anthu ndi mabizinesi omwe ndalama zimayenda tsiku ndi tsiku. Ya sevingi kawirikawiri imadula zochepa pamwezi kapena osadula n'komwe, ndipo imapereka kachiwongoladzanja. Mabanki angapo alinso ndi maakaunti osavuta otsegulira pafoni kapena kwa ejenti, omwe munthu amalipira pokhapokha akachita kanthu. Zonsezi zili ndi malire ake: pangakhale ndalama yosayenera kutapidwa yomwe iyenera kutsala m'buku, mtengo wotapira ungakhale wokwererapo, ndipo maakaunti a pafoni amakhala ndi mlingo wa ndalama zomwe angasunge kapena kutulutsa patsiku. Mlimi woyembekeza mamiliyoni a fodya afunse za mlingowu asanasamuke.

Mlimi wa ku Kasungu uja akasamukira ku akaunti yopanda ndalama yapamwezi, n'kusunga mauthenga ake a K700, chaka chonse alipira K8,400. Akatapa kasanu kokha pa makina a banki yake pa K500, ndi K2,500. Akafunsa balansi kanayi, pokhulupirira kuti uthenga ubwera, ndi K600. Zonse ndi K11,500 m'malo mwa K51,400. Pa K39,900 yomwe yapulumuka, K30,000 yachokera pa kusintha akaunti kokha.

Kutapa kochepa kuli ndi zoopsa zake, ndipo palibe nzeru kunyamula K500,000 m'thumba pa depoti pofuna kupulumutsa K500. Pomwe wogulitsa feteleza kapena sukulu ikulandira ndalama kuchokera kubanki mwachindunji, kulipira motero kumachotsa vuto la kutapa. Njira yomwe imadya mwakachetechete ndi yokankha ndalama kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money kapena TNM Mpamba kenako n'kukatapa kwa ejenti, chifukwa ndalama imodzi yomweyo ingadulidwe kawiri. Kwa wokhala kutali ndi tauni ingakhalebe yotchipa kuposa thiransipoti, koma awerengere zonse ziwiri.

Mabuku owonjezera ndi oti atsekedwe, ndipo kutseka si kutapa zonse n'kutaya khadi. Mwiniwake apite kunthambi ndi chiphaso, alembe kalata kapena fomu yopempha kutseka, afunse ngati pali ngongole ya zodula kapena mtengo wotsekera, ndipo atenge pepala losonyeza kuti bukulo latsekedwadi. Asanatero aonetsetse kuti palibe malipiro, penshoni kapena ngongole zomwe zikudutsira pamenepo. Yemwe ali ndi ngongole kubankiko sangaloledwe kutseka akaunti yomwe amabwezera.

Pofika pakauntala, mafunso ake akhale a manambala. Funso loti "akaunti yabwino ndi iti?" limabweretsa yankho la wogulitsa. Kufunsa kuti "ndikasiya K60,000 osaikhudza chaka chathunthu, ndidzapeza zingati?" kumakakamiza wantchitoyo kutsegula ndandanda wa mitengo ya banki, womwe kasitomala aliyense ali ndi ufulu wouona. Funso lomwelo likafunsidwa m'mabanki awiri kapena atatu, kusiyana kwake kumaonekeratu.

Zikachitika kuti pa sitetimenti pali ndalama yodulidwa kawiri, kapena mauthenga akudulidwabe mwiniwake atawaletsa, dandaulo liyambire kubanki komweko, molemba, ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ndalamayo, ndipo kope la kalatayo lisungidwe. Banki ikalephera kuyankha mokhutiritsa, nkhaniyo ingapite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dziko muno ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Koma banki yaikuluyo siingabweze ndalama yomwe inadulidwa motsatira mitengo yomwe mwini buku anasayinira. Imeneyo aiimitse yekha, ndipo kwa mlimi wa fodya nthawi yake ndi Ogasiti kapena Seputembala, tsiku lomwe akupita kukatapa ndalama za feteleza, buku lisanayambe kugona.